Nkhope yayamba kuwotcha ngakhale ndi losheni wamasiku onse: kodi ndiwonjezere chiyani?

Funso: "Adokotala, ndili ndi zaka 27 ndipo ndimakhala ku Lilongwe. Ndinali ndi ziphuphu pang'ono ndi madontho akuda m'masaya, ndiye kwa miyezi itatu tsopano ndakhala ndikusamba kumaso ndi sopo wa kojiki m'mawa ndi madzulo, kupukuta ndi tona wa asidi wa gilaikoliki 7% tsiku lililonse, kudzola retinolo usiku uliwonse, ndipo Lachitatu ndi Loweruka ndimakhula ndi shuga wofinyira mandimu. Poyamba nkhope inasalala bwino. Pano ikungonyezimira, ikusupuka m'mbali mwa mphuno ndi mozungulira pakamwa, yada kuposa kale, tiziphuphu tachuluka, ndipo losheni amene ndadzola kwa zaka zambiri akundiwotcha. Amene anandigulitsa akuti ndi zoipa zikutuluka, ndipitirize. Chinkhoswe changa chili m'masabata 6 akubwerawa. Ndiwonjezere chiyani?"

Yankho: Achemwali, musawonjezere kanthu. Usiku uno womwe, sopo uja, tona uja, retinolo uja ndi shuga wa mandimu uja zilowe m'kabati, ndipo zisatulukemo. Palibe zoipa zimene zikutuluka pankhope panupo. Khungu lanu lavulala, ndipo chimene chandiuza zimenezi ndi losheni wanuyo. Mafuta amene munthu wadzola kwa zaka osamuvuta sasintha khalidwe m'sabata imodzi. Akayamba kuwotcha, ndiye kuti akulowa malo amene kale sankafikako.

Pamwamba penipeni pa khungu pali kakhungu kopyapyala kwambiri, kochepera pa tsitsi limodzi kukhuthala kwake, pafupifupi mamilimita 0.01 mpaka 0.02. Kakhungu kameneka kamangidwa ngati khoma la njerwa. Njerwazo ndi maselo akufa ophwatalala, osanjikizana mizere pafupifupi 15 mpaka 20, ndipo matope ogwira njerwazo ndi mafuta amene khungu limapanga lokha: maseramaidi, omwe ndi pafupifupi theka, kenako kolesitolo ndi mafuta ena. Khoma limeneli limatsekera madzi m'kati kuti khungu lisaume, ndipo limatsekera kunja sopo, fumbi, zonunkhiritsa ndi tizilombo. Anthu ambiri akamva kuti maselowo ndi akufa amaganiza kuti ndi litsiro loyenera kuchoka. Ayi ndithu. Ntchito yawo amaigwira atafa kale, ndipo nthawi yawo ikakwana amayoyoka okha, mzere ndi mzere, ena atsopano atafika kale pansi pawo. Ulendo wa selo kuchokera pansi pomwe labadwira kufika pamwamba n'kuyoyoka umatenga pafupifupi mwezi umodzi, ndipo umatalikirapo munthu akamakula.

Tsono taonani zimene nkhope yanu yakhala ikukumana nazo. Asidi wa gilaikoliki amamasula timfundo timene timalumikiza maselo apamwamba kuti ayoyoke msanga. Retinolo amafulumizitsa maselo apansi kukwera, ndipo m'masabata oyambirira amaumitsa khungu ngakhale kwa munthu amene akumugwiritsa ntchito moyenera. Sopo wamtanda, ngakhale atamulemba dzina lokongola bwanji, nthawi zambiri pa muyeso wa kuwawasa wotchedwa pH, womwe nambala yake imatsika chinthu chikamawawasa kwambiri, amakhala pa 9 kapena 10, pamene pamwamba pa khungu labwino pamakhala pa 4.5 mpaka 5.5. Sopo wotere amasungunula mafuta ogwira njerwa aja, komanso amasokoneza tinthu ta m'khungu timene timapanga mafuta atsopano, chifukwa timagwira bwino ntchito pamalo owawasirako pang'ono. Shuga ali ndi ngodya zakuthwa zimene zimakanda, ndipo madzi a mandimu, omwe pH yake ili cha pa 2, amalowa m'mikwingwirima imeneyo. Pali chinanso pa mandimu ndi zipatso za mtundu wake: ali ndi tinthu timene tikatsalira pakhungu n'kuwombedwa ndi dzuwa tingathe kuwotcha khungu n'kusiya banga lakuda lokhala miyezi. Chilichonse mwa zinayi zimenezi chikanatha kukuvutitsani pachokha. Inu mwakhala mukugwiritsa ntchito zitatu tsiku lililonse, n'kuwonjeza chachinayi kawiri pa sabata. Mukuchotsa mizere mwachangu kuposa mmene khungu lingabwezeretsere.

Ndikudziwa chimene chimakopa anthu kuti apitirize. Mukapukuta ndi tona, thonje limatuluka labulawuni, ndipo mtima umati, "Eee, litsiro lonseli linali pa ine?" Gawo lina likhoza kukhala fumbi kapena zodzola, koma kwa ife akhungu lakuda maselo apamwamba aja amakhala ndi utoto wa khungu lathu m'kati mwake. Pankhope yosambidwa kale, zambiri zimene mukuona pathonjepo ndi khungu lanu lomwe. Mungapukute mpaka mawa, thonjelo silidzatuluka loyera.

Kusalala kwa masabata oyamba kunali koona, sindikukana. Mizere yapamwamba yokhakhala ikachoka nkhope imaoneka yowala. Vuto n'lakuti kuwala kwa khungu lathanzi ndi kunyezimira kwa khungu lopalidwa zimafanana pagalasi kwa amene sanazolowere. Mungazisiyanitse chonchi. Sambani ndi madzi okha, pukutani, musadzole kanthu, mudikire mphindi 15. Khungu lathanzi limakhala lofewa ndipo timizere take ting'onoting'ono timaoneka mukayandikira galasi. Khungu lopalidwa limanyezimira pachipumi ndi pamasaya ngakhale mulibe mafuta, limamveka lokungika, ndipo mukamwetulira kapena kuyasamula mumamva kukoka, pena n'kuona timakwinya tosalala ngati ta pepala lopyapyala. Pofika masana limatha kuoneka lamafuta pamwamba koma pansi likumveka louma, zomwe zimapusitsa anthu kuti asambenso ndi sopo.

Chizindikiro chimene mabuku ambiri amayamba nacho ndi kufiira, ndipo n'chifukwa chake ambiri a ife timachedwa kuzindikira. Pakhungu lakuda kutupa sikumaoneka kofiira kawirikawiri. Kumaoneka ngati malo oderapo, otuwa ngati phulusa, kapena ofiirira mopita ku pepo, ndipo mukagwira pamatentha kuposa malo oyandikana nawo. Munthu amaona kudako n'kuganiza kuti mankhwala akuchepa mphamvu, ndiye amawonjeza. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse bwino, chifukwa madontho akuda ndi amene anakuyambitsani zonsezi. Maselo opanga utoto wa khungu amadzidzimuka khungu likatupa, ndipo amayankha popanga utoto wambiri. Chiphuphu chimasiya dontho lakuda mwa njira imeneyi. Kukhula ndi shuga, kuwotcha ndi asidi, kukanda, zonsezi ndi kutupanso, kungoti kwa nkhope yonse. Choncho mankhwala amene munagula kuti achotse madontho 10 ndi omwewo akupakani mdima patsaya lonse. Dzuwa likawomba pakhungu lotere limawonjezera mdimawo.

Za "zoipa zikutuluka" zija, pali kachoonadi kamene ogulitsa amakakokera kutali. Munthu akayamba retinolo kapena mankhwala a mtundu wake, ziphuphu zimene zinali zitayamba kale pansi zimatha kutulukira pamodzi m'masabata oyamba. Zimatuluka malo omwewo amene munthu amatulukira ziphuphu nthawi zonse, zimaoneka ngati ziphuphu zake zamasiku onse, ndipo zimayamba kuchepa pofika sabata ya 6 kapena ya 8. Zanuzi zabwera patapita miyezi, ndi tinsungu tating'ono tofanana kukula kwake, tambiri, ndipo tabwera limodzi ndi kuwotcha ndi kusupuka. Kumeneko ndi kukwiya kwa khungu. Kupitiriza sikungakufikitseni tsidya lina labwino, chifukwa kulibe.

Ndisanakupatseni ndondomeko, pali funso limodzi loti mudziyankhe moona mtima, chifukwa lingasinthe zonse. Kodi pa zimene mwadzola miyezi imeneyi pali kirimu wa m'kachubu woyeretsa khungu, kapena mafuta osakaniza a m'kabotolo kopanda chizindikiro? Ambiri mwa amenewa amakhala ndi mankhwala amphamvu a siteroidi, monga betamethazoni kapena kilobetasolo, ndipo ena amakhala ndi haidirokwinoni. Siteroidi akadzoledwa pankhope kwa masabata ambiri amapyapyalitsa khungu, amatulutsa timitsempha poyera ndi tiziphuphu, ndipo ukamusiya mwadzidzidzi nkhope imatha kuyaka koposa kwa masiku kapena masabata. Munthu amathamangira kukadzolanso, kuwotchako n'kuzima, iye n'kumati mankhwalawo ndi amene akumuthandiza. Ngati zimenezi zikukukhudzani, musalimbane nazo nokha. Tengani machubu onse mupite nawo kwa dokotala wa khungu, ku chipatala chachikulu cha Kamuzu kapena kwina kumene mungapeze wodziwa za khungu, kuti akuthandizeni kusiya mwadongosolo. Chimodzimodzinso ngati pali mankhwala a ziphuphu amene anakulemberani ndi dokotala: muuzeni zimene zachitika, iye ndiye anene zoti muime kapena muchepetse.

Ngati mulibe zimenezo, masabata awiri oyamba akhale motere.

M'mawa musagwire sopo. Sambani kumaso ndi madzi ofunda pang'ono, oti mwana wakhanda angasambe, pogwiritsa ntchito zala zokha. Madzi otentha amasungunula mafuta a khungu, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, pomwe aliyense amafuna madzi ofuka nthunzi, nkhope zambiri zimaonongekera m'bafa. Chinkhupule, kansalu kosambira ndi kaburashi zisafike kumaso. Popukuta, ingogunditsani thaulo lofewa, osakhula, ndipo musiye nkhope ili yachinyezi pang'ono. Pomwepo dzolani kirimu wofewetsa. Chinyezi chimene chatsala ndi chimene mukufuna kutsekera m'kati, choncho musadikire kuti muvale kaye kapena muphike kaye tiyi.

Madzulo, ngati mwayenda m'fumbi kapena mwadzola zoteteza ku dzuwa, sambani ndi chosambira kumaso chamadzimadzi, chosachita thovu lambiri, chopanda fungo, cholembedwa kuti n'cha khungu losachedwa kukwiya. Kadontho kofanana ndi nyemba kakwana, ndipo masekondi 30 akwana. Mukatsukuluza, nkhope isamveke yolira "tswii" pansi pa zala. Kulira kumeneko anthu amakutcha ukhondo, koma ndi umboni woti mafuta achoka onse. Ngati chosambira chotere simunachipeze, madzi okha ndi abwino kuposa sopo wamtanda pa masabata awiri amenewa. Mukatero dzolani kirimu uja, kenako tengani vaselini wochepa ngati njere ya chimanga, mumusungunule pakati pa zala, mumugunditse malo osupuka: m'mbali mwa mphuno, mozungulira pakamwa, pamwamba pa masaya.

Ndimakonda vaselini pa ntchito imeneyi ndipo sindichita naye manyazi, ngakhale kuti ena amamuona ngati mafuta a anthu osauka. Pa mafuta onse odzola, ndi iye amene amatseka bwino kwambiri madzi kuti asauluke pakhungu, ndipo sakhala ndi zinthu zoti khungu lidane nazo. Koma akhale woyera uja, wopanda fungo, wopanda mtundu. Wonunkhira uja, ngakhale walembedwa kuti ngwa ana, musiyeni kaye. Poti muli ndi ziphuphu, musamupake nkhope yonse mochindikala, makamaka kukatentha cha mu Okutobala, pomwe thukuta lotsekeredwa lingakutulutseni nsungu zina. Malo ovulala okha.

Posankha kirimu, yang'anani wokhala ndi zinthu zochepa. Gilisalini, maseramaidi, mafuta a shiya ndi vaselini ndi zimene mukufuna kuona pamndandanda. Zimene simukufuna ndi zonunkhiritsa, mafuta a zomera onunkhira, mowa woumitsa, asidi wamtundu uliwonse, vitamini C, ndi yuriya wambiri, amene ndi wabwino kumapazi koma pankhope yosupuka amaluma. Mafuta a kamfa ndi ena ozizira aja, amene ambiri timawakonda m'nyengo yozizira, nawonso adikire, chifukwa kuzizirako ndi kuluma komwe. Gilisalini wa m'botolo musamudzole yekha. Ngati mukufuna, dontho limodzi kapena awiri osakaniza m'kirimu padzanja akwana. Palinso kirimu woyera wa akweyasi amene amagulitsidwa m'mafamase m'zibotolo zazikulu. Ambiri amamuyesa wofatsa chifukwa alibe fungo, koma wopangidwa mwa njira yakale amakhala ndi mankhwala ochititsa thovu otchedwa SLS, amene akasiyidwa pakhungu amapyapyalitsa kakhungu kapamwamba komwe tikufuna kumanga. Ku Britain boma linachenjezapo za zimenezi mu 2013. Funsani wa pafamase ngati amene akugulitsayo ali ndi SLS, ndipo ngati ali naye musamudzole kumaso.

Nanga ngati kirimu aliyense akuwotcha? Zimachitika khungu likapalidwa kwambiri, chifukwa kirimu aliyense amakhala ndi madzi ndi mankhwala omusunga kuti asaonongeke. Pamenepo bwererani pansi penipeni: madzi ndi vaselini basi, kawiri kapena katatu pa tsiku, kwa masiku 3 kapena 4, kenako muyesenso kirimu pamalo ang'ono. Nkhope ikamatentha, nyowetsani kansalu koyera m'madzi ozizira, muike pankhope mphindi 5 mpaka 10, kenako mudzole. Ayisi musamuike pakhungu mwachindunji.

Tikhungu tosupuka tija tikuyesani kwambiri. Tizioneka toyera m'mbali mwa mphuno mukangouma, ndipo chala chizifuna kutisenda. Kakhungu kalikonse kamene mwasenda nthawi yake isanakwane kamachoka ndi kena kamene kanali kasanakhwime, ndipo pamalo pakepo pakhoza kutsala dontho. Tidzoleni vaselini tigone pansi, tidzachoka tokha posamba.

Dzuwa ndi nkhani yaikulu kwa inu, poti kuda ndiko kukukuwawani mtima. Masiku oyamba, ngati mafuta oteteza ku dzuwa akuluma, musadzikakamize. Valani chipewa chachikulu, yendani ndi ambulera, ndipo pewani dzuwa la pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana mmene mungathere. Kuluma kukachepa, yambani kudzola oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, m'mawa uliwonse pamwamba pa kirimu. Okhala ndi zinki saluma kwenikweni, koma amatuwitsa khungu lakuda. Okhala ndi kamtundu kofanana ndi khungu amathetsa vuto limenelo, ndipo amatchinganso kuwala kooneka ndi maso, komwe pakhungu lakuda kumathandizira madontho kuda.

Kusaluni muziuza okuthandizani kuti kumaso asakugwireni. Kufukiza nthunzi, kufinya ziphuphu, kumata phula kapena kuzula tsitsi la pankhope ndi ulusi, zonsezi ziime. Mankhwala a tsitsi asatsikire pachipumi. Zodzoladzola ngati faundeshoni ndi paudala zipumeko masabata awiri amenewa ngati ntchito yanu ikulola, osati chifukwa n'zoipa pazokha, koma chifukwa kuzichotsa kumafuna kukhula.

Mukatsata zimenezi, kuwotcha kumayamba kuchepa m'masiku 3 mpaka 7. Kusupuka ndi kukungika kumatha cha m'sabata yachiwiri, ndipo tinsungu timayamba kuphwa. Ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Pofika tsiku la 10 kapena la 12 nkhope imamveka bwino, koma pagalasi imaoneka yosawala, yoderapo, ndipo mwina ziphuphu ziwiri zenizeni zatuluka. Mtima umati, "Ndachira, ndiyambirenso tona uja kamodzi kokha." Musatero, achemwali. Ululu umatha msanga kuposa mmene khoma limamangikira. Maselo amene ali pamwamba nthawi imeneyo ndi omwe anapangidwa mothamanga pamene khungu linali pamoto, ndipo mafuta owagwira sanakwane. Pafunika kuti m'badwo wathunthu wa maselo ubadwe, ukwere ndi kukhwima mumtendere, ndipo tanena kale kuti umenewo ndi mwezi. Kusawala kumene mukuonako ndi kakhungu kapamwamba kakubwerera m'malo mwake, maso anu anali atazolowera kunyezimira kwa chilonda.

Choncho sabata yachitatu ndi yachinayi musasinthe kanthu. Mukhoza kuchepetsa vaselini malo amene apola, ndipo mukhoza kuyambanso zodzoladzola zopepuka, bola muzichotse ndi chosambira chofatsa chija osati ndi tinsalu tonyowa topukutira. Chiphuphu chikatuluka, musachifinye ndipo musachidzole mankhwala otsukira mano. Chisiyeni, kapena chiphimbeni ndi kapulasitala ka ziphuphu kopanda mankhwala kuti zala zisachipeze.

Kumapeto kwa sabata yachinayi dziyeseni. Bwerezani kuyesa kuja kosamba ndi madzi n'kudikira mphindi 15: nkhope isakungike, isanyezimire, isatuwe. Kenako dzolani losheni wanu wakale uja patsaya limodzi. Akalowa osaluma ngati mmene ankachitira kale, ndipo mwatha masiku 7 otsatizana osamva kuwotcha ndi thukuta kapena mphepo, ndiye kuti khungu labwerera. Akaluma, wonjezani masabata ena awiri. Amene akhula kwa miyezi yambiri, kapena amene ali ndi khungu la chikanga kuyambira ali ana, amatha kufuna masabata 6 mpaka 8, ena kupitirira.

Tsopano za chinkhoswe. Ndikuuzani zoona kuti musakhumudwe patsikulo. M'masabata 6 mukhoza kukhala ndi nkhope yofewa, yosasupuka, yosawotcha, imene faundeshoni imakhalapo bwino osagawikana m'mbali mwa mphuno. Gawo lina la kuda lidzachoka lokha kutupa kukatha, chifukwa lina mwa ilo ndi kutupa komweko. Koma madontho enieni sadzakhala atatha. Utoto umene uli m'khungu lapamwamba umazimiririka pa miyezi, kawirikawiri 6 mpaka 12, ndipo umene unagwera pansi, womwe umaoneka motuwira, umatenga nthawi yoposa pamenepo. Palibe mankhwala otetezeka amene angafupikitse zimenezi kufika pa masabata 6, ndipo amene angakulonjezeni zotero akukugulitsani siteroidi kapena asidi woti akubwezeni pomwe muli lero. Malangizo anga ndi oti mankhwala amphamvu onse adikire chinkhoswe chidutse. Masabata awiri omaliza si nthawi yoyesera zatsopano. Pezani wodziwa kudzoza zodzoladzola, mukayeseretu kutatsala sabata imodzi kuti muone ngati zimene amagwiritsa ntchito sizikukulumani, ndipo mumuuze kuti asakukhuleni ndi sikirabu musanadzole, monga ena amachitira.

Chinkhoswe chikadutsa, ziphuphu zanu zidzafunikabe chithandizo, chifukwa dontho lililonse latsopano limachokera ku chiphuphu chatsopano. Mudzayambe ndi chinthu chimodzi chokha. Kwa munthu wa ziphuphu ndi madontho ngati inu, ndikadasankha adapalini wa 0.1% kapena asidi wa azelaiki, malinga ndi zimene dokotala kapena wa pafamase angakupezereni, chifukwa onsewa amathandiza ziphuphu ndi madontho pamodzi. Poti mukulowa m'banja, dziwani izi: retinolo, adapalini ndi abale awo sagwiritsidwa ntchito ndi mayi woyembekezera kapena amene akufuna kutenga pathupi. Asidi wa azelaiki ndiye amaloledwa nthawi imeneyo, komabe mufunse kaye kuchipatala.

Kayambidwe kake n'kofunika kuposa dzina la mankhwalawo. Yesani kaye pamalo ang'ono pansi pa khutu, m'mphepete mwa nsagwada, usiku utatu. Pakapanda vuto, dzolani kadontho kofanana ndi nsawawa imodzi pankhope yonse, khungu litauma bwino, usiku uwiri pa sabata, mwachitsanzo Lolemba ndi Lachinayi. Pewani m'ngodya za mphuno, m'mphepete mwa milomo ndi zikope, ndipo mukhoza kuyamba mwaika vaselini pang'ono malo amenewo. Kirimu wofewetsa abwere pamwamba, kapena pansi pomwe ngati khungu likadali lamantha. Pakatha masabata awiri kapena atatu popanda kuluma, onjezani usiku wachitatu. Kuluma kwa kamphindi kochepa pongodzola kumachitika, makamaka ndi azelaiki. Koma kuwotcha kopitirira mpaka m'mawa, kapena kirimu wanu wofewetsa akayambanso kuluma, imani masiku 5 mpaka 7 mubwerere ku madzi, kirimu ndi vaselini. Ziphuphu zimatenga masabata 8 mpaka 12 kuti zisonyeze kusintha ndi mankhwala amenewa, choncho musaweruze msanga n'kuyamba kuunjika zina.

Pa zinthu zanu zinayi zija, shuga ndi mandimu zisabwererenso kumaso mpaka kalekale. Sopo wa kojiki uja sindikuona ntchito yake pankhope yanu. Tona wa gilaikoliki, ngati mudzamufunabe patapita miyezi khungu litazolowera mankhwala oyamba aja, akhale wa kamodzi pa sabata, pa usiku umene simukudzola china chilichonse champhamvu. Retinolo ndi adapalini ndi a banja limodzi, choncho mudzasankhe mmodzi.

Pali zizindikiro zina zimene siziyenera kudikira masabata amenewa. Khungu likayamba kutuluka madzi kapena mafinya, n'kuuma nkhanambo zachikasu, ndiye kuti tizilombo talowa ndipo pafunika mankhwala a kuchipatala. Matuza ang'onoang'ono opweteka, ofanana, ofalikira msanga, makamaka limodzi ndi kutentha thupi kapena pafupi ndi diso, ndi oti mupite tsiku lomwelo. Kutupa kwa zikope kapena milomo ndi kuyabwa kwambiri kumasonyeza kuti thupi ladana ndi chinthu china m'zodzola zanu, ndipo vuto limenelo limabwerera nthawi iliyonse mwakhudzana nacho. Ndipo ngati mwatsata ndondomekoyi mokhulupirika kwa masabata awiri kapena atatu koma palibe kusintha, kapena tinsungu tangounjikana mozungulira pakamwa ndi mphuno n'kusiya kamzere koyera m'mphepete mwa milomo, pakhoza kukhala nthenda ina ya khungu pansi pake imene kirimu yekha sangaichiritse. Popita kuchipatala nyamulani mabotolo onse amene mwadzola miyezi itatu imeneyi, ngakhale amene munasiya, ndipo musadzole kalikonse m'mawa umenewo kuti dokotala aone khungu mmene lilili.